Mthiko umadziwa bwanji kuti mafuta atentha

"Agogo, ndili ndi zaka 17 ndipo ndayamba kukazinga mandasi ogulitsa kuti ndizipezako ya sopo ndi ya makope. Masiku ena amatuluka atamwa mafuta, masiku ena amada kunja koma m'kati ali osapsa. Azakhali anga akuti ndiziyesa mafuta ndi mthiko, koma anzanga akuti zimenezo n'zachikale. Kodi mtengo wouma ungadziwe bwanji kutentha kwa mafuta?"
Mdzukulu wanu wa ku Ntcheu

Mdzukulu wanga, azakhali akowo akuuza zoona, ndipo ndikanakonda ukawapemphe mwaulemu kuti tsiku lina adzakhale nawe pambali pa mbaula, chifukwa luso limeneli limalowera m'maso msanga kuposa m'makutu. Poyembekezera tsikulo, tamvera mmene mtsikana wina wamsinkhu wako analiphunzirira kwa agogo ake.

Mtsikanayo anakanda fulawa wake kukali mbandakucha, nausiya m'beseni kuti ufufume, ndipo dzuwa litatuluka anakoleza mbaula, natereka chiwaya, nathiramo mafuta. Agogo ake anali atakhala pamphasa chapafupi akusenda mtedza, osanena kanthu. Atangoona kuti makala afiira, mtsikanayo anatenga ndasi loyamba kuti aponyemo, koma agogowo anamugwira dzanja.

"Taima kaye, mkazi mnzanga," anatero, pomuitana monga mmene agogo aakazi amaitanira adzukulu awo. "Waona kuti moto wayaka, koma mafutawa wawafunsa? Tapita ukatenge mthiko uli patsindwi uja, osati umene ndatsuka m'mawa uno."

Mtsikanayo anabwera nawo, ndipo agogo anaupukuta ndi kansalu kouma, nautembenuza kuti kumene amavundulira nsima kukhale m'manja, kogwirira n'kuloza pansi. Anaviika nsonga yake pakati pa chiwaya, osaifikitsa pansi penipeni, namuuza kuti ayang'ane pamene mtengo wakumana ndi mafuta. Panalibe chimene chinachitika. Mafuta anangoti zii, ndipo patapita kanthawi kathovu kamodzi kanakwera mwaulesi.

"Ukaponya tsopano, ndasi lako likakhala pansi n'kumamwa mafuta," anatero agogo. "Kupiza moto pang'ono, tidikire."

Anadikira kanthawi kokwana kusenda mtedza wodzaza m'manja, kenako agogo anamupatsa mthiko kuti aviike yekha. Ulendo uno timathovu ting'onoting'ono tinayamba kutuluka mozungulira mtengowo, tikutsatizana mwadongosolo ngati mikanda ya pa ulusi, ndipo panamveka kaphokoso kapansipansi kakuti siii. Mtsikanayo anayang'ana agogo ake, iwo nagwedeza mutu, koma anamuuzanso kuti atsine kachidutswa ka fulawa wokandayo kakakulu ngati njere ya mtedza, akaponyemo. Kachidutswako kanamira, ndipo asanawerenge kufika pa zisanu kanayandama katazunguliridwa ndi thovu, n'kuyamba kufiirira pang'onopang'ono. Apo m'pamene analoledwa kutsetserekeza mandasi asanu m'mbali mwa chiwaya, limodzilimodzi, dzanja likuloza kutali ndi thupi lake.

Mandasi oyambawo anatuluka ofiirira bwino, ndipo atabenthula limodzi anapeza m'kati muli mofewa ndi mouma. Achiwiri nawo anatuluka chimodzimodzi. Chimwemwe chitamukwana, mtsikanayo anathamangira kumpanda kukayankha mnzake amene ankamuitana, nasiya chiwaya chopanda kanthu pamoto, makala ali pachimake. Pobwera anafuna kungopitiriza, koma agogo anamulozera mthiko ndi mlomo. Atangouviika, thovu linatumphuka mwaukali, likuthetheka, ndipo m'mbali mwa chiwaya munayamba kukwera kautsi kotuwa.

"Mafuta amene unawafunsa poyamba aja si amenewa," anatero agogo. "Phula chiwayacho ndi manja awiri, uchikhazike pansi pouma, upale makala atatu kapena anayi, ndipo tikatha kusenda mtedza watsalawu ufunsenso."

Ndakufotokozera nkhaniyi kuti uone mayankho atatu amene mthiko umapereka, ndipo tsopano ndikuuze chimene chimachititsa. Mtengo, ngakhale uoneke wouma chotani, uli ndi timibowo tosaoneka ndi maso momwe mumakhala mpweya ndi kachinyezi kochepa. Madzi amawira akafika pa madigiri pafupifupi 100, pamene mafuta okazingira mandasi amafunika kufika pakati pa madigiri 170 ndi 180. Choncho ukaviika mthiko m'mafuta otentha, kachinyezi kaja kamasanduka nthunzi, mpweya uja n'kufutukuka, ndipo zonsezi zimatuluka ngati timathovu; mafuta akamatentha kwambiri, timathovuto timatulukanso mofulumira. Anthu okazinga m'mahotela ali ndi kachipangizo kopimira kutentha kamene kamaonetsa manambala, ndipo ndi kabwino ndithu kwa amene angakapeze, koma chimene iwo amawerenga pa kachipangizoko ndi chomwecho chimene azakhali ako amawerenga pa mthiko.

Zimene zimachitika pa mtengo zimachitikanso pa ndasi, ndipo apa ndi pamene pagona mavuto ako awiri aja. Ndasi likalowa m'mafuta otentha bwino, madzi a kunja kwake amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo potuluka imakankha mafuta kuti asalowe, uku khungu la ndasilo likuuma n'kutseka njira. Mafuta akakhala ofunda chabe, nthunzi imatuluka yofooka, khungu limachedwa kuuma, ndasi limakhalitsa m'chiwaya, ndipo likatuluka limakhala lolemera, lotuwa, lonyowetsa pepala lokulungira. Pamenepo wataya kawiri, pakuti wogula sabweranso ndipo botolo la mafuta limatha msanga. Mafuta akatenthetsa, shuga wa m'fulawa amapserera kunja kutentha kusanafike pakati, ndiye ndasi limada m'kanthawi kochepa koma ukalibenthula m'kati mumamata zala. Ndasi la msinkhu wa pamsika limafuna mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse. Likada mphindi imodzi isanathe, usakayike, moto wachuluka.

Cholakwa chachikulu cha ongoyamba kumene ndi kuyesa kamodzi kokha. Mbaula siyaka mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa makala amayamba mofooka, amafika pachimake, kenako amaphimbidwa ndi phulusa n'kuzirala. Ndasi lililonse lozizira limene waponya limatsitsanso kutentha, moti ukadzaza chiwaya mpaka mandasi kuthinana, mafuta amene anali okonzeka amabwerera m'mbuyo. Ponya ochepa oti azitha kuyandama momasuka, ndipo ukavuula, viikanso mthiko usanaponye ena. Moto ukakula, pala makala kapena utseke kakhomo ka mbaula. Ukachepa, gwedeza mbaulayo kuti phulusa ligwe, kenako ukupize.

Komabe mthiko ukhoza kukunamiza, ndipo n'chifukwa chake agogo aja anakana umene anali atangotsuka. Mthiko wonyowa umatulutsa thovu lambiri mafuta asanafike pofunika, ndipo choopsa n'chakuti madontho a madzi amaphulika m'mafuta otentha n'kukuthovukira kumaso ndi m'manja. Kumene mumavundulira nsima kumamwa madzi tsiku ndi tsiku ndipo kumakhala ndi zotsalira za ufa, choncho viika kogwirira, kapena upatule mthiko kaya chipande chimodzi kuti chikhale cha mandasi okha. Chimenechonso uchidziwe khalidwe lake, chifukwa mtengo umene wamwa mafuta kwa miyezi yambiri umayamba kutulutsa thovu lochepa, ndipo wopaka vanishi suyenera kulowa m'chiwaya n'komwe. Pa chifukwa chimenechi kachidutswa ka fulawa kaja usakaiwale. Kakamira n'kukhala pansi, dikira. Kakamira n'kuyandama posachedwa, ponya mandasi. Kakakana kumira n'kuda pomwepo, phula. Ndaonapo ena akuwaza dontho la madzi m'chiwaya kuti amve kuthetheka, ndipo zimenezi ndikukuletsa ndi mtima wonse.

Mafuta enieniwo nawo amasiyana. Oyengedwa ku fakitale amapirira moto waukulu asanayambe kufuka, pamene a mtedza kapena a mpendadzuwa ofinyidwa kumudzi, osayengedwa, amafuka msanga, motero ndi amenewa maso ako azikhala pa utsi koposa. Mafuta amene akazingiridwa kambirimbiri amada, amakhuthala, amanunkha chiwawu, ndipo amachita thovu lokhalitsa pamwamba ngakhale asanatenthe mokwanira. M'mafuta otere mthiko sunenanso zomveka. Ndikudziwa kuti mafuta ndi okwera mtengo ndipo kuwataya kumapweteka mtima, koma ukamawasefa ndi kansalu koyera akazizira, n'kuwasunga m'botolo lotseka pamalo opanda dzuwa, adzakutumikira maulendo angapo. Akangofika pochita thovu lotere ndi kuwawa pakhosi, usadyetsenso anthu, chifukwa ogula ako ambiri ndi ana a sukulu amene sangathe kukufunsa.

Pothira mafuta usapitirire theka la chiwaya, ndipo chikhazikike bwino pambaula osagwedera, ana aang'ono ali kutali, chitenje chako utachimanga kuti nsonga yake isalendewere pamoto. Chivundikiro chachitsulo chizikhala pafupi ndi dzanja lako nthawi zonse. Mafuta akafuka n'kuyaka, usathirepo madzi ngakhale pang'ono, chifukwa madzi amamira pansi pa mafuta, amasanduka nthunzi mwadzidzidzi, n'kumwaza moto mpaka kudenga. Vundikira chiwayacho kuti moto usowe mpweya, usachinyamule kuthamanga nacho panja, ndipo usavundukule mpaka chitazizira. Mafuta akakuthovukira pakhungu, thirapo madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ena alionse, ndipo bala likakhala lalikulu ngati chikhatho chako, kapena likakhala kumaso, pa zala kaya pa mfundo, pita kuchipatala tsiku lomwelo.

Ukapita kwa azakhali ako, tenga fulawa ndi mafuta akoako kuti usawalemetse, ugwade monga mwa mwambo, ndipo uwapemphe kuti akuonetse mthiko uli m'mafuta ofunda, m'mafuta okonzeka ndi m'mafuta otenthetsa, pa chiwaya chako chomwecho ndi mbaula yako yomweyo. Mthikowo ugwire ndiwe, iwo azingokuuza ngati waona bwino, ndipo mandasi oyamba kutuluka uwapatse iwowo kuti abenthule aone m'kati.

Ndine agogo ako.