Kapu yanu ndi yaikulu bwanji, mwaikamo masupuni angati?

"Ine ndimayendetsa takisi pa msewu wa Chipata kupita ku bodala ya Mwami. M'mawa ndimamwa tiyi wa timatumba tiwiri m'kapu yaikulu, cha m'ma 10 koloko khofi wa ufa masupuni awiri odzaza, masana chakumwa chopatsa mphamvu cha 500 ml, madzulo kokakola wa m'botolo la 500 ml. Mkazi wanga akuti ndikuchulukitsa. Kodi m'kapu imodzi muli kafini wochuluka bwanji, nanga munthu wamkulu wathanzi ayenera kulekezera pati?" Wowerenga wa ku Kapata.

Achimwene, malire amene madokotala ambiri amagwirizana ndi mamiligalamu 400 a kafini pa tsiku kwa munthu wamkulu amene alibe matenda. Nambala imeneyi ndi imene bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la ku America, FDA, limatchula, ndipo la ku Ulaya, EFSA, linapezanso zomwezo m'chaka cha 2015. A ku Ulayawo anawonjezera mfundo imene anthu ambiri amaiphonya: pa nthawi imodzi ndi bwino kusapitirira mamiligalamu 200. Choncho 400 si yoti muimwe yonse pa kadzutsa.

Vuto lili pa kapu. Anthu amakonda kunena kuti 400 ndi makapu anayi a khofi, koma kapu imene amaiwerengera ndi ya mamililita 240 okha, ndipo khofi wake ndi wogaya wosefa, amene amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 95. Makapu a m'nyumba zathu ambiri ndi aakulu kuposa pamenepo. Komanso kafini sali m'madzi, ali m'masamba ndi mu ufa umene mwathiramo. Ndiye m'malo mowerenga makapu, werengani timatumba ndi masupuni.

Kathumba kamodzi ka tiyi wakuda kamatulutsa mamiligalamu a pakati pa 40 ndi 50 mukakasiya mphindi zingapo m'madzi otentha. Mukangokaviika ndi kukachotsa mumapeza ochepa. Mukakasiya mpaka tiyi ade, kapena mukawiritsa masamba m'poto pa mbaula monga achitira m'malesitilanti a pamsika, pafupifupi kafini yense amatuluka. Mkaka ndi shuga sizichotsapo kanthu ngakhale pang'ono, zimangobisa kuwawa. Khofi wa ufa wosungunuka, supuni yaing'ono imodzi yodzaza bwino imapereka pafupifupi mamiligalamu 60, ngakhale mitundu imasiyana ndithu. Khofi wosakaniza ndi muzu wa chomera chotchedwa chicory, monga Ricoffy, amakhala ndi wocheperapo chifukwa muzu umenewu ulibe kafini. Tiyi wa rooibos alibiretu.

Tsopano tiyeni tiwonkhetse tsiku lanu. Tiyi wa m'mawa ndi pafupifupi 90. Khofi uja, masupuni awiri, tinene 120, ndipo popeza ndi odzaza mpaka kupanga kaphiri, mwina ndi woposa. Zakumwa zopatsa mphamvu zambiri zimakhala ndi mamiligalamu 32 pa mamililita 100 alionse, n'chifukwa chake kachitini ka Red Bull ka 250 ml kali ndi 80. Chanu cha 500 ml, ngati chili mu mlingo womwewo, ndi 160. Tembenuzani botolo, pezani pamene alemba 32 mg/100 ml kapena nambala ina yotere, muchulukitse kasanu. Ambiri amaona 32 n'kuganiza kuti ndi ya botolo lonse. Kokakola wa 500 ml ali ndi pafupifupi 50. Zonse pamodzi ndi 420.

Mayi akunyumba sakunama, koma simunapitirire kwambiri. Chimene chingakukankhireni patali ndi mapiritsi a mutu. Ena mwa iwo amaikamo kafini: Panadol Extra piritsi limodzi lili ndi mamiligalamu 65. Tsiku limene mutu ukuwawa ndi dzuwa la Okutobala, mukameza awiri, mwafika 550 osadziwa.

Kwa ine chodetsa nkhawa kwambiri pa tsiku lanu ndi nthawi, osati nambala. Thupi la munthu wamkulu limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka la kafini amene ali m'magazi. Mukamwa chakumwa cha 160 chija pa 16 koloko podikira makasitomala pa bodala, pofika 21 koloko mukadali ndi 80, ndipo pamwamba pake mwathira kokakola wa madzulo ndi zotsala za khofi wa m'mawa. Mukulowa m'bulangeti ngati munthu amene wangomwa kumene kapu ya khofi. Mwina tulo timabwera ndithu chifukwa mwatopa, koma timakhala topepuka, todukizadukiza. M'mawa mumadzuka muli olefuka, n'kuwonjezera kathumba kachiwiri m'kapu, ndipo zimangozungulira choncho.

Kafini sapereka mphamvu. Mu ubongo muli kanthu kotchedwa adenosini kamene kamachuluka munthu akakhala maso nthawi yaitali, ndipo ndi kamene kamakuuzani kuti mukagone. Kafini amangotseka malo amene adenosini amagwira, koma kutopa kumakhala kulipobe, kukudikira. Kwa woyendetsa galimoto izi n'zofunika kuzidziwa: ngati simunagone mokwanira, chakumwa chikhoza kukutsegulani maso kwa kanthawi koma sichilowa m'malo mwa tulo.

Thupi lokha limanena mukapitiriza mlingo. Manja amanjenjemera pa chiwongolero, mtima umathamanga kapena kugunda modumphadumpha, mumakodza pafupipafupi, m'mimba mumatentha, mumapsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Pali anthu amene amamva zimenezi ndi mamiligalamu 150 okha, chifukwa ziwindi zathu siziphwanya kafini pa liwiro limodzi. Kwa munthu wotero malire ndi pomwepo, 400 si yake. Mankhwala ena amachedwetsanso chiwindi pa ntchito imeneyi, monga sipulofulokisasini amene amaperekedwa pa matenda a m'njira ya mkodzo, komanso mapiritsi olera. Mayi woyembekezera malire ake ndi 200. Amene ali ndi BP yokwera kapena vuto la mtima afunse ku chipatala, ndipo mtima ukagunda molakwika limodzi ndi kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, musadikire kuti zithe zokha.

Ndikanakhala inu, tiyi ndi khofi wa m'mawa sindikanazikhudza poyamba. Ndikanayamba ndi kokakola wa madzulo, m'malo mwake madzi, maheu kapena chakumwa china chopanda kafini. Kenako chakumwa cha 500 ml ndikanachichepetsa kufika 250 ml, n'kumachimwa isanakwane 14 koloko. Pamenepo tsiku lanu latsika kufika pafupifupi 290, ndipo pofika nthawi yogona m'magazi mwatsala wochepa.

Musasiye zonse tsiku limodzi. Thupi lozolowera likasowa kafini mwadzidzidzi, mutu umayamba kuwawa pakapita maola 12 mpaka 24, umafika poipa pa tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo ukhoza kupitirira mpaka sabata, limodzi ndi kusinza. Zimenezi simukuzifuna muli ndi anthu anayi m'galimoto. Chotsani chinthu chimodzi, dikirani masiku anayi kapena asanu, kenako chotsani china. Mutu ukawawa m'masiku amenewo, imwani panado wamba, osati wokhala ndi kafini, apo ayi mukubwezeretsa chomwe mwangochotsa.