Sisitimu ya SACCO: wotafo, ajailo kapena kuphatikiza?

"Tapatsidwa ntchito yopanga sisitimu ya SACCO yosunga masheya, ngongole komanso kulipira pa foni. Bodi ikufuna mtengo umodzi ndi tsiku lomaliza, koma anzanga akuti tichite ajailo. Titsate njira iti?"

Achimwene, phatikizani njira ziwiri zopangira pulogalamu ya pa kompyuta, wotafo ndi ajailo, koma dziwani pogawira pake. Pa gawo lililonse dzifunseni kuti, tikalakwitsa apa, kukonza kudzatidyera zingati? Pamene kukonza n'kodula, tsatani wotafo: lembani zonse, bodi isayine, kenako muyambe kulemba pulogalamuyo. Pamene n'kotchipa, pitani ndi ajailo: pangani kagawo kamodzi kamodzi, muziwaonetsa eni ake n'kumakonza pamene mukupitiriza.

Kodula kwambiri ndi kawerengedwe ka ndalama. Tiyerekeze kuti membala wakongola K500,000 pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti pamwezi, kwa miyezi 10. Mukamawerengera pa ndalama yonse imene anatenga, chiwongoladzanja ndi K15,000 mwezi uliwonse, pamodzi K150,000. Mukamawerengera pa ngongole yotsala, iye akubweza K50,000 pamwezi, chimakwana K82,500 basi. Kusiyana kwake ndi K67,500 pa munthu mmodzi. Mukadzazindikira kuti munatenga njira yolakwika mamembala atalandira kale masitetimenti, ndiye kuti muwerengenso ngongole iliyonse, ndipo anthu sakhulupiriranso sisitimuyo. Choncho zimenezi zisayinidwe poyamba, limodzi ndi chindapusa cha ochedwa kubweza komanso chimene chimayamba kudulidwa munthu akalipira mopereweza: chindapusa, chiwongoladzanja kapena ngongole yeniyeniyo. Akauntanti wawo akupatseni ngongole zenizeni zakale zoti muziyesera. Gawo ili ndi limene mungalipatse mtengo umodzi osadzipweteka.

Mafomu a pa kauntala ndi malipoti ndi nkhani ina. Kashiya sangakuuzeni pa pepala zimene akufuna. Amazidziwa akakhala pa kompyuta, mzere wa anthu uli patsogolo pake, n'kuona kuti akudina kasanu kuti atulutse lisiti limodzi. Apa gwirani milungu iwiri iwiri, muziwaonetsa chinthu chogwira ntchito, ndipo malipiro akhale a gawo lililonse limene alivomereza.

Koma ajailo imafuna munthu mmodzi wa ku SACCO amene ali ndi mphamvu yonena kuti inde kapena ayi sabata yomweyo. Ngati yankho lililonse lidikira kuti bodi ikumane, mudzaona ntchito zambiri zili "pafupi kutha" koma palibe yovomerezedwa. Dzina la munthuyo lilowe mu kontirakiti.

Za Airtel Money ndi Mpamba, yambani kulembera makampaniwo makalata sabata yoyamba, chifukwa nthawi yoti akulumikizeni siili m'manja mwanu. Ndipo chonde kusamutsa mabalansi kuchokera mu Excel musakuchite pang'onopang'ono. Sankhani tsiku limodzi lotseka mwezi, mabalansi onse agwirizane ndi mabuku a akauntanti mpaka pa tambala, kenako muyendetse njira yakale ndi yatsopano limodzi kwa mwezi wathunthu musanasiye yakaleyo.