Zolemba za ofunsira ntchito pa Facebook: ziti zikukhudzeni, ziti muzisiye

"Ndili ndi loji yaing'ono ku Senga Bay ndipo ndikufuna wolandira alendo. Mtsikana amene wakhoza bwino intaviyu ndamuona pa Facebook: ndale zokhazokha za chipani chimene ine sindichikonda, anadandaulapo za bwana wake wakale, komanso pali chithunzi cha mlendo woledzera chimene anajambula komwe ankagwira. Ndimulembe?"

Mayi, musanatsegulenso tsamba lakelo, lembani papepala zimene munthuyu azigwira tsiku ndi tsiku: buku la alendo, ziphaso ndi mapasipoti a anthu, makiyi a zipinda, ndalama za pa kauntala. Kenako chilichonse chimene analemba muchifunse kuti chikukhudza chiti mwa zimenezi. Chimene sichikukhudza chilichonse ndi nkhani ya kwawo.

Zandalezo zisiyeni. Gawo 5 la lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusala wantchito, ngakhale amene akungofunsira kumene, chifukwa cha maganizo ake andale, chipembedzo, mtundu, chilankhulo, kukhala pabanja kapena ayi, ndi zina zotere. Ndiye kusapota chipani, kudandaula za mafuta kapena mtengo wa chimanga, kulemba za kumzikiti kapena kutchalitchi, sizifukwa zomukanira. Zimasintha pokhapokha mukapeza kuti akuti anthu a mtundu wakutiwakuti amenyedwe, kapena akutukwana chipembedzo cha anzake. Apo si maganizo ayi, wakuonetsani m'mene adzalandirire mlendo wa mtundu umenewo akadzafika ndi chikwama usiku, ndipo ku Senga Bay kumabwera aliyense, makamaka magulu a misonkhano ochokera ku Lilongwe.

Za bwana wakale werengani mawu ake enieni. Ngati analemba kuti wagwira miyezi itatu osalandira malipiro, ameneyo akudandaula zoyenera, ndipo olemba ntchito amene amaopa mawu otere nthawi zambiri amakhala kuti nawonso amalipira mochedwa. Koma ngati anaulula ndalama zimene malowo amapeza, kutchula makasitomala, kapena kuopseza, ndi nkhani ina.

Chondidetsa nkhawa ine ndi chithunzicho. Ntchito ya wolandira alendo theka lake ndi kusunga pakamwa. Amadziwa amene wagona chipinda chiti, wabwera ndi ndani, walipira ndani, ndipo tonse tikudziwa kuti si onse obwera kunyanja amene amabwera ndi akunyumba kwawo. Munthu amene anajambula mlendo ali pantchito n'kumuika poti dziko lonse limuseke wachita ndendende chimene chingagwetse loji yanu. Komabe musaweruze musanaone zinthu zingapo. Kodi tsambalo ndi lakedi? A Banda ndi a Phiri a dzina limodzi alipo ambirimbiri, komanso pali masamba abodza. Anajambula yekha, kapena anangogawa za munthu wina? Nkhope ya mlendoyo kapena dzina la malowo zikuoneka? Nanga zinachitika liti? Chithunzi chimodzi cha 2019, ali wongomaliza Fomu 4, n'chosiyana ndi zithunzi zinayi za chaka chino zokhala ndi mawu onyoza pansi pake. Chizolowezi ndiye chimalemera kuposa kuphonya kamodzi.

Mukatsimikiza, muitaneni, mumuonetse chithunzicho, mum'funse kuti chinachitika n'chiyani ndipo lero angatani mlendo atagwa ndi mowa pakhomo la ofesi. Yankho lake lidzakuuzani zambiri kuposa chithunzicho. Wina amachita manyazi, n'kunena kuti sanaganize bwino, n'kuchichotsa pomwepo. Wina amaseka n'kuti, "Aaa, zinali zocheza chabe, tsamba ndi langa." Wachiwiriyu musam'patse buku la alendo. Woyambayo mungathe kumulemba poyeserera miyezi itatu, ndipo m'kalata ya ntchito mulembemo momveka kuti kujambula alendo kapena kuulula za iwo n'koletsedwa.

Muchitenso chilungamo kwa enawo. Ngati pa intaviyu panali anthu anayi, onani masamba a onse anayi ndi mafunso omwewo, apo ayi mukhala mukulanga amene sanatseke tsamba lake basi. Onani zokhazo zimene aliyense angaone. Osatuma mphwanu kuti akam'pemphe ubwenzi mwachinyengo, ndipo zithunzi zotengedwa m'gulu la WhatsApp la kubanja kwawo zimene wina wakutumizirani musaziwerengere, chifukwa gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi cha munthu, ndiponso zithunzi zotere sizivuta kuzidula kapena kuzisintha.

Mukam'kana, lembani chifukwacho m'chiganizo chimodzi, monga "anaika chithunzi cha mlendo poyera ndipo atafunsidwa sanaone cholakwa", n'kusunga pepalalo pamodzi ndi kalata yake yofunsira ntchito. Akadzadandaula ku ofesi ya zantchito pa boma kuti munam'kana chifukwa cha chipani, pepala limenelo ndi limene mudzaonetse.