Tebulo limodzi, funso limodzi, mayankho awiri

"Ndili ndi tebulo la chiwerengero cha anthu m'Malawi, ndikufuna kupangira mafunso ana a Fomu 3 a jogalafe, koma onse ndalembawa akungotuluka oti ona nambala ukopere. Ndithandizeni."

Aphunzitsi anzanga, mwandikhudza pachilonda, chifukwa tebulo lomwelo linandisowetsa tulo. Ndinalemba pa bolodi zotsatira za kalembera: 1977 anthu 5.5 miliyoni, 1987 anali 8.0, 1998 anali 9.9, 2008 anali 13.1, 2018 anali 17.6. Pansi pake ndinafunsa kuti, ndi nthawi iti pomwe chiwerengero chinakwera kwambiri? Ansala yanga inali 2008 mpaka 2018 poti panawonjezeka anthu 4.5 miliyoni, ndiye aliyense wolemba zina ndinkangomuthetha ndi cholembera chofiira.

Mawa lake mtsikana wina wokhala kumbuyo anabwera ndi kope lake, m'mphepete atalemba masamu ndi pensulo. Anatenga 2.5 kugawa ndi 5.5, inatuluka pafupifupi 45 peresenti ya 1977 mpaka 1987, pomwe 4.5 kugawa ndi 13.1 ndi 34 peresenti basi. Anangoti "Sala, nanga ndalakwa pati?" Sanalakwe ayi, funso langa ndi lomwe linali ndi pakamwa pawiri, ndipo zinandiwawa kuti ndinamulanda malikisi mwana amene anaganiza kuposa anzake onse.

Kuyambira pompo ndimakana zoti mwana akatchula nambala yayikulu ndiye kuti wamva tebulo, uko ndikuona chabe. Ndipo tebulo limeneli lili ndi nkhani mkati mwake yomwe ambiri timaidumpha. Onani 1987 mpaka 1998, panadutsa zaka 11 osati 10, komabe panangowonjezeka 1.9 miliyoni, pafupifupi 24 peresenti. Si kuti anthu anasiya kubereka. Kalembera wa 1987 anawerengera limodzi anthu othawa nkhondo ku Mozambique amene anadzaza ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu, ndipo nkhondo itatha mu 1992 ambiri anabwerera kwawo. Edzi nayonso inali itayamba kutenga anthu ambiri zaka zimenezo. Pamenepa ndi pomwe pali jogalafe, zina zija ndi masamu.

Ndiye inu pangani chonchi. Funso lokopera nambala likhale limodzi lokha, la malikisi amodzi, kuti ofooka apeze pogwira. Lachiwiri awerengetsere, koma munene poyera ngati mukufuna chiwerengero cha anthu owonjezeka kapena peresenti. Kenako muwafunse chifukwa chomwe kukwera kunachepera pakati pa 1987 ndi 1998, apereke zifukwa ziwiri, malikisi ambiri apite apa. Musanapereke pepala muyankhe nokha funso lililonse mutatseka notsi, mukapeza ansala ina yomveka yosiyana ndi yanu, lilembeninso funsolo.