Koteshoni ya mwezi watha, malata a mtengo wa lero

"Zikomo achimwene. Ndili ndi shopu ya zomangira ku Lilongwe. Sukulu ina ya ku Mchinji inandipempha koteshoni ya malata 200, ndinatumiza pa imelo n'kulemba kuti 'koteshoni ndi imeneyo'. Anakhala chete masabata asanu ndi awiri. Tsopano atumiza LPO, chikalata chawo choodera katundu, pa mtengo wakale, akuti ndikatule ndekha kusukuluko, ndalama adzapereka pambuyo. Malata anakwera. Ndizilemba bwanji kuti zisadzandichitikirenso?"

Mayi, musafulumire kuwakwiyira anthu a kusukuluwo. Pamene inu simunanene kanthu, iwo anadzazapo zowakomera, ndipo wogula aliyense amatero. Mankhwala ake ndi ziganizo zochepa chabe, koma chiganizo chilichonse chokamba za masiku chizinena poyambira kuwerenga. "Masiku 14" opanda poyambira ndi mkangano umene mwangousungira mtsogolo.

Tiyambe ndi mtengo, pakuti ndiwo wakupwetekani. Ambiri amalemba kuti mtengo ukhala masiku 30 chifukwa anaona ena akulemba choncho. Funso loyenera n'lakuti: amene amakugulitsani inuyo amausunga mtengo wake masiku angati? Ngati fakitale yakupatsani sabata imodzi, inu n'kulonjeza mwezi, masabata atatu otsalawo mukuwalipira ndi thumba lanu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola imodzi kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700. Chitsulo chopangira malata chimachokera kunja, choncho amene anali ndi makoteshoni opanda malire panthawiyo anadzuka atalonjeza katundu pa mtengo umene sakanathanso kuwodera. Katundu amene ali kale m'sitolo mwanu mutha kumupatsa masiku 14 osaopa kwambiri. Amene mukawode mukalandira oda, musapyole masiku amene mwapatsidwa inuyo, ndipo muchotsepo awiri opumira.

Lembani deti lenileni, osati chiwerengero chokha. Inu mumawerenga kuyambira tsiku lotumiza, wogula amawerenga kuyambira tsiku limene komiti yawo yakhala pansi. Mukalemba kuti "mpaka pa 17 Okotobala" palibe wowerengera mnzake. Nenaninso chimene chiyenera kuchitika lisanafike tsikulo. Apa ndi pamene pamaterera: wogula atha kutumiza LPO pa 16, dipoziti n'kubwera mwezi wamawa, iye n'kumati anavomera nthawi yake. LPO ndi pepala, simungapite nalo kufakitale kukatenga malata. Mtengo uzimangidwa ndi dipoziti imene yalowa. Dziwaninso kuti chingwechi chimamanga onse awiri. Akalipira pa 16, ngakhale malata atakwera pa 15, mwamangika.

Za kutula katundu zili ndi mafunso anayi: kuti, liti, galimoto alipira ndani, atsitsa ndani. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Mchinji ndi makilomita oposa 100, ndipo sukulu ikakhala kumudzi pali msewu wafumbi umene nthawi ya dzinja lole imakana. Mtengo wa mayendedwe uzikhala pa mzere wakewake. Mukaubisa m'mtengo wa malata, wogula akayerekeza ndi koteshoni ya mnzanu amene sanawerengere galimoto, inu mudzaoneka wodula. Za otsitsa zimaoneka zazing'ono mpaka dalaivala ataima pageti maola atatu, anyamata aganyu akufuna zawo, mlonda akuti ahedi achoka.

Imelo yake ingakhale chonchi. Mitengoyi ndangoikapo monga chitsanzo, inu muike yanu.

Mutu: Koteshoni nambala 041, malata 200, mtengo mpaka pa 17 Okotobala

A mkulu woona zogula,

Zikomo potifunsa mtengo wa malata. Ndaphatikiza koteshoni nambala 041 ya malata 200 a geji 28, otalika mafiti 10, pa K18,000 lililonse. Onse pamodzi ndi K3,600,000, VAT ili momwemo.

Mtengowu ukhala choncho ngati LPO yanu ndi dipoziti zatipeza pofika pa 17 Okotobala. Likadutsa tsikuli tidzakupatsani koteshoni ina.

Mtengowu ndi wodzatengera kushopu kwathu ku Lilongwe. Mukafuna kuti tidzatule kusukulu, mayendedwe ndi K250,000, ndipo otsitsa mupeze ndinu. Katundu adzafika pasanathe masiku 5 ogwira ntchito kuchokera tsiku limene dipoziti yaoneka mu akaunti yathu. Wolandira adzawerenge ndi kusaina delivale noti galimoto isananyamuke, ndipo lata lopindika kapena losowa lilembedwe pomwepo.

Dipoziti ndi 60 peresenti ya mtengo wa malata, K2,160,000. Zotsala K1,440,000, pamodzi ndi za mayendedwe ngati tatula ndife, zilipidwe pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku losaina delivale noti. Akaunti yathu ili pa koteshoni, ndipo sitidzaisintha kudzera pa imelo kapena pa uthenga wa pafoni. Ngati mudzadula msonkho pa malipirowa, mutipatse satifiketi yake.

Yankhani imelo ino kutsimikiza kuti mwagwirizana nazo.

Onani mawu akuti "yaoneka mu akaunti yathu". Sindinalembe kuti "mukalipira". Wogula amati walipira akangosaina cheke kapena akakutumizirani chithunzi cha risiti, pomwe cheke chimatha kubwerera ndipo chithunzi chimatha kupekedwa. Masiku anu otula aziyamba ndalama zikafika. Onaninso kusiyana kwa "masiku ogwira ntchito" ndi "masiku" chabe: asanu ogwira ntchito ndi sabata yathunthu. Pa kutula ndinasankha ogwira ntchito mwadala, chifukwa fakitale Lamulungu siitsegula.

Bwanji 60 peresenti? Si lamulo. Dipoziti iyenera kufika pa ndalama imene mungapirire nayo wogula akachedwetsa zotsala miyezi iwiri. Ngati malatawo mukawode pa K15,000 lililonse, mukutulutsa K3,000,000, ndiye ngakhale ndi dipoziti imeneyi mukuthirapo K840,000 yanuyanu. Ngati ndalama imeneyo ndi mpamba wanu wonse, kwezani dipoziti kapena tulani kawiri, malata 100 ulendo uliwonse, wachiwiri woyamba utalipidwa. Maofesi a boma ndi mabungwe ambiri salola kupereka dipoziti n'komwe. Zikatero musanamizire kuti vuto palibe: fupikitsani masiku a mtengo ndipo kudikirako mukuwerengere mu mtengowo.

Mzere wa VAT musausiye. Mukapanda kunena, wogula amaganiza kuti ili momwemo, invoyisi ikabwera yokwera n'kuyamba kukangana. Ngati simunalembetse VAT ku MRA, nenani kuti mtengowu ulibe VAT ndipo simudzaionjezera. Mabungwe amadulanso msonkho pa ndalama zimene akukulipirani n'kukaupereka ku MRA m'dzina lanu, pokhapokha mutawaonetsa satifiketi yoti asamakuduleni. Ngati muli nayo, iphatikizeni pa imelo yomweyi.

Chinthu china chimene ndinachiphunzira mochedwa ineyo: woona zogula nthawi zambiri amasindikiza PDF yokha n'kupita nayo kukomiti, imelo yanu n'kutsala mu kompyuta yake. Choncho mfundo zomwezi zikhalenso pansi pa koteshoni, madeti ndi ziwerengero zofanana ndendende. Imelo ikati masiku 7, pepala n'kumati 14, adzasankha 14.

Ndipo LPO ikabwera, iwerengeni yonse, kuseri komwe. Zambiri zimakhala ndi mfundo zawozawo, monga kulipira patatha masiku 30 atalandira invoyisi. Mukapakira katundu osayankhapo, adzati munavomera zawozo.

LPO imene ili m'manja mwanu panoyi, musapakire kaye. Alembereni lero mwaulemu kuti koteshoni ija inali ya mitengo ya tsiku limene munaitumiza, aonetseni mtengo watsopano wa kufakitale, ndipo muwapatse koteshoni ina yokhala ndi deti. Popeza yoyambayo inalibe malire, atha kulimba, ndiye khalani okonzeka kukumana nawo pakati: iwo avomere mtengo watsopano, inu muwachotsereko theka la mayendedwe.