Lendi ya miyezi 6 nthawi imodzi ku Chankhanga: ndilipire kapena ndidikire?

"Abale ndithandizeni maganizo. Andisamutsira kuno ku Kasungu ndipo ndapeza nyumba ku Chankhanga ya K80,000 pa mwezi, ndikufuna kulowa pa 1 Okutobala. A landilodi akuti ndikalipira miyezi 6 nthawi imodzi andiwerengera K70,000 pa mwezi. M'manja ndili ndi K450,000 ya soya amene ndinagulitsa, ndipo zikadzandithina nditha kukabwereka ku banki m'khonde. Ndilipire zonse kapena ndizipereka mwezi ndi mwezi?"

Achemwali, takulandirani ku Kasungu. Ine ndikuti mulipire miyezi 3 yokha kaye, ndipo ya miyezi 6 mudzakambirane mu Januwale mutaiona nyumbayo mvula ikugwa. Mtengo umene akupatsaniwo ndi wabwino ndithu, sindikuuchepetsa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti nyumbayo simunagonemo ndi tsiku limodzi lomwe, mwini wakeyo simukumudziwa, ndipo mukapereka mutsala ndi K30,000 yokha pamalo pachilendo.

Tiyambe ndi masamu kuti muone chimene mukuchita. Miyezi 6 pa K80,000 ndi K480,000, pamene pa K70,000 ndi K420,000, ndiye mukupulumutsa K60,000. Koma ya mwezi woyamba mukanapereka ndithu tsiku lolowa. Ndalama yowonjezera imene ikutuluka m'thumba mwanu tsiku limenelo ndi K340,000, ndipo imeneyi muione ngati ngongole imene mwawabwereka a landilodi. Iwo akubwezani pokusiyani osalipira K80,000 kwa miyezi 5 yotsatirayo, zonse pamodzi K400,000. Popeza ngongoleyo ikunka nichepa mwezi ndi mwezi, phindu lanu likuyandikira K6 pa K100 iliyonse pa mwezi. Buku losungira ndalama ku banki silingakupatseni zotere. Choncho ngati ndalamayo ikanangokhala pansi pa pilo kapena mu foni, n'kumaitapa pang'onopang'ono mpaka kutha, kulipiriratu n'kwanzeru.

Zisintha mukangoti mubwereke. Magulu ambiri a banki m'khonde amene ndikuwadziwa amaika chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 pa 100 iliyonse pa mwezi. Tiyerekeze kuti mwapereka K420,000 ija, kenako mu Novembala mwana wadwala kapena kumudzi kwagwa zovuta, mwakatenga K150,000 pa 20 pa 100. Mwezi umodzi chiwongoladzanja ndi K30,000, miyezi iwiri K60,000. Ndalama yonse imene a landilodi anakuchotserani yathera pomwepo, ndipo ngongole yeniyeniyo simunaiyambe n'kubweza komwe. Kulipiriratu lendi kumafuna ndalama yopuma, imene mukaipereka mutsalabe ndi yokwanira kudya ndi kuyendera mwezi wathunthu malipiro atachedwa. Ndipo munthu amene wangosamuka kumene amakhala ndi zogula zambiri zimene sanaziwerengere: galimoto yonyamula katundu, loko watsopano, makatani, mayunitsi a magetsi, makala, yunifomu ya ana kusukulu yatsopano. K30,000 singafike pakati pa mwezi.

Chachiwiri ndi nyumbayo. Mu Okutobala nyumba iliyonse ku Kasungu imaoneka yabwino, chifukwa kunja n'kouma gwa. Denga lodontha, madzi olowera pansi pa chitseko, chimbudzi chosefukira, zonsezi zimadziwika mvula ikayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Munthu wolipira mwezi ndi mwezi ali ndi pogwira, amatha kunena kuti, "Bambo, konzani denga, kapena ndikonze ine ndichotse pa lendi ya mwezi uno," ndipo amamveka. Amene walipira mpaka Malichi alibe choti achotsepo. Si kuti a landilodi onse ndi oipa mtima ayi. Kawirikawiri ndalama ija imakhala itapita kale ku feteleza kapena ku simenti ya nyumba ina imene akumanga, moti ngakhale atafuna kukonza m'manja mulibe kanthu. Mnzanga wina wa kuntchito analipira miyezi 6 m'chilimwe chonchi. Pofika Januwale anali atayala mabeseni awiri kuchipinda, matiresi ataimikidwa kukhoma, ndipo yankho limene ankalandira linali lakuti adikire fodya alowe ku okushoni. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo. Dzinja lonse anagona pabalaza.

Musanapereke ngakhale ya mwezi umodzi, pitani masana mukaime m'kati mwa nyumbayo, mutseke zitseko, muyang'ane kumwamba. Ngati mulibe siling'i, timabowo ta misomali pa malata tidzaoneka ngati nyenyezi. Ngati siling'i ilipo, funani mabanga ofiirira, makamaka m'ngodya. Yang'anani m'munsi mwa khoma ngati penti watupa kapena pulasitala akugumuka, chifukwa chimenecho n'chizindikiro chakuti khoma limayamwa madzi. Kenako muchezeko ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo a landilodi palibe. Mufunse kuti amene anatulukamo anakhala nthawi yaitali bwanji, anachokeranji, ndiponso mpope umatulutsa madzi masiku angati pa sabata. Funsaninso bilu ya madzi yomaliza muione ndi maso anu. Ngati amene anatuluka anasiya ngongole, tsiku lodzadula madzi wovutika ndinu, ndipo mutalipira kale miyezi 6 mudzangoibweza nokha ngongoleyo kuti ana asambe.

Nanga mukawauza bwanji a landilodi popanda kuwakhumudwitsa? Auzeni zoona, kuti mwangofika kumene ndipo ndalama zonse simungazitulutse nthawi imodzi, koma mutha kupereka ya miyezi 3 lero lomwe pa K75,000, yonse K225,000. Mupulumutsa K15,000 yokha, inde, koma mutsala ndi K225,000 m'manja, ndipo miyezi 3 imeneyo ikufikitsani kumapeto kwa Disembala mvula itagwa kale pa dengalo. Musachite manyazi kunenerera. Mwezi uno anthu ambiri kuno, a landilodi omwe, maso awo ali pa feteleza ndi mbewu, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake akufuna ndalama yambiri nthawi imodzi. Mu Januwale adzaifunanso, pakuti ndi nthawi ya fizi ya teremu yachiwiri, feteleza wobereketsa ndi aganyu opalira, pamene m'midzi ndalama zimakhala zitasowa. Nthawi imeneyo munthu wobwera ndi ndalama ya miyezi 6 amamvedwa bwino kuposa mu Meyi kapena Juni, ndalama za fodya ndi soya zikuyenda. Ndiye muwapemphe kuti mtengo wa K70,000 uja akusungireni mpaka Januwale, ndipo zilembedwe.

Pa kulembapo ndiye ndikufuna mumvetsetse, chifukwa phindu lalikulu la kulipiriratu si K10,000 ya pa mwezi yokha, komanso kumanga mtengo kuti usasunthe. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo mu Meyi 2022 inali itachepetsedwa kale ndi 25 pa 100. Simenti ndi malata zikakwera, lendi imatsatira. Amene analipiriratu ndipo ali ndi pepala amakhala phee mpaka miyezi yake ithe. Amene alibe pepala amauzidwa kuti, "Zinthu zakwera, muwonjezere pa miyezi yotsalayi," kapena kuti ndalama imene anapereka ya miyezi 6 tsopano ikwanira miyezi 5.

Pepalalo silifuna loya. Tsamba limodzi la mu kope likwanira, lolembedwa kawiri kuti aliyense asunge lake. Mulembe maina anu onse awiri ndi manambala a ziphaso zanu za unzika, malo a nyumbayo, ndalama imene mwapereka, ndi miyeziyo kuitchula maina: Okutobala, Novembala, Disembala 2025 kapena chaka chimene mukulowacho, osangoti "miyezi 3". Mulembe kuti mtengo sukwera m'kati mwa miyezi imeneyi, ndipo ukafuna kukwera pambuyo pake akuuzeni kutatsala mwezi wathunthu. Mulembe kuti denga, chimbudzi ndi mapaipi akulu akonza ndi mwini nyumba, ndipo mukakonza inu mwachilolezo chawo, ndalamayo ichotsedwa pa lendi yotsatira. Mzere wofunika kwambiri kwa inu wogwira ntchito yosamutsidwa ndi uwu: mukatuluka miyezi isanathe, mutapereka notisi ya mwezi umodzi, ndalama ya miyezi yotsala ibwezedwa, ndipo tsiku lobweza litchulidwe. A landilodi akhoza kunena kuti zikatero miyezi imene mwakhala iwerengedwe pa mtengo wonse wa K80,000. Vomerani, chifukwa n'chilungamo. Mwachitsanzo, mutapereka K420,000 n'kutuluka patatha miyezi 4, iwo atenga K320,000, inu akubwezerani K100,000. Akakana kulemba za kubwezazi, ndiye kuti akuuzani kale chimene chidzachitike, ndipo pamenepo muzingolipira mwezi ndi mwezi.

Pasainenso mboni ziwiri, yanu ndi yawo. Pa mbali yawo ndimakonda kuti asaine akazi awo kapena amuna awo, chifukwa mikangano yambiri ya lendi imayambira m'banja mwenimweni: wina walandira ndalama ya miyezi 6 osauza mnzake, mwezi ukatha mnzakeyo akugogoda pakhomo panu. Ngati nyumbayo ndi ya masiye, ana angapo akuigawana, funsani kuti amene abale anamusankha kulandira lendi ndani. Ndipo ngati nyumbayo anakupezerani ndi ejenti, iye mupatseni yake yokupezerani nyumba basi, lendi ipite m'manja mwa mwini wake.

Polipira, tumizani pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki, pa nambala yolembedwa dzina la munthu yemwe wasaina pepalalo. Pamene foni ikuonetsa dzina la wolandira musanatsimikize, liwerengeni. Uthenga wotsimikiza muujambule ndi kuusunga, ndipo lisiti yapamanja mutengebe. Ndalama yotapira akapempha kuti muwonjezere, mugwirizane musanatumize, isadzawerengedwe ngati mwapereka yopereweza.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale anthu osamala. Ukalipiriratu, malipiro a miyezi yotsatira amaoneka ngati akula, ndipo K80,000 ya lendi ija imalowa mu ndiwo ndi zovala osadziwa. Tsiku lolipiranso likafika ulibe kalikonse, n'kuthamangira katapila. Inu kumapeto kwa Okutobala ndi kwa Novembala, malipiro akangolowa, patulani K80,000 muiike kumene simungaitape msanga. Miyezi iwiriyo ikupatsani K160,000. Ya Januwale muli nayo kale pa malipiro a kumapeto kwa Disembala, ndiye yakwana K240,000. Kuti ifike K420,000 pakufunika K180,000 kuchokera pa K225,000 ya soya yotsala ija. Ngati zosamukira ndi Khirisimasi zitaidya kwambiri ndalama imeneyo, musakakamize miyezi 6 mu Januwale. Perekaninso ya miyezi 3 pa K75,000, ikufikitsani kumapeto kwa Malichi.