Kupeza latitudi ndi sekisitanti ku Ulongwe, kopanda nyanja

"Abale, mlamu wanga wa ku Beira wandipatsa sekisitanti yapulasitiki. Ndikufuna kuwaonetsa ana a sukulu kuno ku Ulongwe mmene amalinyero amapezera latitudi ndi dzuwa lamasana. Kodi n'zotheka popanda nyanja, kapena ndichite kupita ku Cahora Bassa?"

Aphunzitsi, ndalama ya ulendoyo sungani. Pezani mbale yakuda yotambalala, muthiremo mafuta a injini otha ntchito, ndipo muyese mu Juni kapena Julayi. Za miyeziyi musazitenge mopepuka, ndifotokoza chifukwa chake.

Ndi sekisitanti, chida choyezera ngodya, mmalinyero amayeza kutalika kwa dzuwa kuchokera pa mzere umene madzi akumana ndi thambo. Ku Angonia mzere umenewo kulibe, n'zitunda zokhazokha. Ngakhale pa Cahora Bassa simungaupeze paliponse: diso likakhala mamita 2 pamwamba pa madzi, mzerewo umakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5, ndiye gombe la tsidya likayandikira kuposa pamenepo mukhala mukuyeza gombe. Mafuta a m'mbale ndiwo amatipulumutsa, chifukwa akadekha amagona chathyathyathya okha. Dzuwa mumaliona kawiri, lam'mwamba ndi lam'mafuta, ndipo ngodya ya pakati pa awiriwa ndi kutalika kwa dzuwa kuwirikiza kawiri. Madzi nawonso amagwira, koma kamphepo pang'ono dzuwa layamba kale kuvina.

Vuto lagona pa kuwirikizako. Sekisitanti zambiri zimathera cha pa madigiri 120, choncho dzuwa likakwera kupitirira 60 mkono wa chidacho umafika kumapeto musanalipeze. Kwathu kuno dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale, ndipo miyezi yambiri limakhala pamwamba kwambiri masana. Ku Ulongwe mpata ulipo kuyambira koyambirira kwa Meyi mpaka cha pa 10 Ogasiti basi. Juni ndiye wokoma koposa, dzuwa litapendekera kumpoto.

Musanayeze, onani cholakwa cha chidacho. Ikani mkono pa 0, yang'anani msana wa phiri lakutali kwambiri, ndipo potokolani kagudumu mpaka msanawo ukhale mzere umodzi wosathyoka. Mukawerenga 2′, magawo 2 mwa magawo 60 a digiri, pamwamba pa 0, ndiye kuti chida chanu chimawonjezera 2′ pa muyeso uliwonse. Pulasitiki imapindika ikatenthedwa, ndiye chitani izi musanayambe ndiponso mukamaliza, ndipo pakati pa miyeso chidacho chizikhala pamthunzi. Magalasi akuda muwatsitse mbali zonse ziwiri, chifukwa dzuwa lam'mafuta nalonso limawotcha diso. Mwana asagwire chida inu musanaone magalasiwo.

Tsopano nthawi. Masana a dzuwa si 12 koloko ya pawotchi. Nthawi ya dziko lathu inatengera longitudi ya madigiri 30, pomwe Ulongwe ali cha pa 34°21′ kum'mawa, ndipo digiri iliyonse imafulumiza dzuwa ndi mphindi 4. Pa 21 Juni dzuwa limafika pachimake cha m'ma 11:44. Wodikira belu la 12 amalipeza litatsika kale ndi 12′, ndipo masamu ake amamuika makilomita oposa 20 kumwera kwa kumene waima. Inu yambani 11:25.

Ikani mbale pansi pobisika mphepo, muime kumwera kwake mutayang'ana kumpoto, ndipo musunthesunthe mpaka muone dzuwa m'mafuta. Mkono wa chida muuikiretu cha pa 103°, kuti dzuwa lam'mwamba lisakuvuteni kulipeza. Mukaona madzuwa awiri, potokolani kagudumu mpaka lina ligone pa linzake ndendende, akhale ngati ndalama ziwiri zachitsulo zosanjikizana. Pendeketsani chida pang'ono uku ndi uku kuti mutsimikize kuti akudutsanadi pakati. Pakapita mphindi imodzi mudzaona atasiyananso, chifukwa dzuwa likukwerabe. Akumanitseninso, mwana wina alembe nthawi ndi nambala. Cha m'ma 11:40 nambala zimayamba kuchita ulesi, kenako zimaima kwa mphindi zingapo, ndiye zimayamba kubwerera. Yaikulu pa zonse ndiyo yanu. Ikakhala kuti imodzi yokha yadumpha patali ndi zinzake zoyandikana nayo, itayeni, limenelo linali dzanja.

Tiyerekeze kuti pa 21 Juni yaikuluyo ndi 103°46′. Kumbukirani kuti digiri imodzi ndi 60′, osati 100, apa ndi pamene ana amagwera. Yambani mwachotsa cholakwa cha chida chija, 2′, mutsale ndi 103°44′. Mukatero ndiye mugawe pawiri, mupeza 51°52′. Mpweya umapinda kuwala n'kulionetsa dzuwa pamwamba pang'ono kuposa pamene lili, ndipo pa kutalika kumeneku kupindako sikukwana 1′ bwinobwino. Chotsani 1′, mutsale ndi 51°51′. Apa mbale yakupeputsirani ntchito: wa panyanja amachotsanso za kutalika kwa diso lake pamwamba pa madzi, n'kuwonjezera 16′ chifukwa amayeza m'mphepete mwa dzuwa. Inu mwasanjikiza madzuwa pakati ndi pakati, zonsezo sizikukukhudzani.

Chotsani 51°51′ pa 90°. Zotsalazo, 38°09′, ndi mtunda wochokera paliwombo panu kufika padzuwa, ndipo ukutiuza kuti muli 38°09′ kumwera kwa malo amene dzuwa lawaima pamutu masana amenewo. Latitudi ya malo amenewo ndiyo dekilinasawo, imene mumaipeza mu alimanaki ya amalinyero ya chaka chimenecho. Pa 21 Juni ndi 23°26′ kumpoto kwa ikweta. Ndiye mukayenda 38°09′ kuchoka kumeneko kulowera kumwera, 23°26′ imathera pofika pa ikweta, ndipo yotsalayo, 14°43′, ili kumwera kwake. Ulongwe ndi ameneyo. Ine ndimakonda kujambula mzere woimirira pabolodi, dzuwa pamwamba, ikweta pakati, ife pansi, kusiyana n'kuloweza lamulo la kuphatikiza ndi kuchotsa, chifukwa lamulolo limatembenuka mu Disembala dzuwa likakhala kumwera kwathu. Wina akaphatikiza m'malo mochotsa apeza 61°35′, ndiye ana aone okha pamapu kuti kumeneko ndi kuti.

Chinanso chimene ndimakondera Juni n'chakuti masiku oyandikana ndi 21 dekilinasawo sisuntha kwenikweni, ndiye ngakhale mutasokoneza ola palibe chowonongeka. Koyambirira kwa Meyi ndi mu Ogasiti imasuntha kuposa theka la 1′ pa ola, ndipo pamenepo muyenera kusamala. Alimanaki imalemba nthawi ya UT, imene ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola 2, kotero 11:44 wathu ndi 09:44 mmenemo.

Pomaliza yerekezani ndi latitudi imene foni ikuonetsa pamalo omwewo. 1′ iliyonse ndi mamita 1,852 pansi pano. Ndi chida chapulasitiki, kuphonya ndi 3′ kapena 5′ ndi ntchito yabwino. Mukaphonya ndi 16′ kapena kuyandikira pamenepo, madzuwa aja munangowagunditsa m'mphepete m'malo mowasanjikiza. Mukapezeka kumwera masiku onse ndi 10′ kapena kuposa, munachedwa kuyamba. Nambala zikamangodumphadumpha popanda dongosolo, ndi mwera ukugwedeza mafuta, ndiye tchingani mbale ndi njerwa kapena katoni. Galasi la pawindo musavindikire nalo, kawirikawiri silikhala losalala mofanana ndipo limapotoza kuwala mwakachetechete.

Yesani nokha masiku angapo musanaitane kalasi, ndipo mukapeza nambala zanu muzitumize muno pamodzi ndi tsiku lake, tiziwerengera limodzi.